Kulembera woyesa wakunja vaiva ya masitazi isanachitike: kumulozera pofunsa popanda kumugamulira

Wophunzira wa digiri ya masitazi akapereka thesisi yake, supavaiza amatsala ndi zinthu zingapo zimene akuzidziwa yekha, zomwe woyesa wakunja sangazione m'bukumo ngakhale ataliwerenga kawiri. Amadziwa chimene chinachitika kumalo ochitira kafukufuku, amadziwa mutu umene wophunzirayo anaulemba katatu asanaumvetse, ndipo amadziwanso mfundo imene anakanganapo ndi wophunzirayo mpaka wophunzirayo n'kuumirira maganizo ake. Zina mwa zimenezi zingathandize kuti mafunso a pa vaiva, mayeso apakamwa aja amene ophunzira ambiri amangowatchula kuti difensi, agwere pamalo oyenera. Zina n'zoti zikangofika m'khutu mwa woyesa, mayesowo aipitsidwa. Malangizo awa akufotokoza momwe kalata yotere imalembedwera kuti izilozera woyesa masamba oyenera kufunsapo, koma osamuuza kuti wophunzirayo akhoze kapena alephere.

Kuti zimveke, titsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wophunzirayo ndi wongoyerekeza, ndipo manambala ake onse ndi ongoyerekeza. Tinene kuti ndi mayi wina amene akuchita masitazi ya zaumoyo wa anthu muno mu Blantyre, ndipo anafufuza ngati kasungidwe ka madzi akumwa m'nyumba za ku Ndirande kakugwirizana ndi kutsegula m'mimba kwa ana osapitirira zaka zisanu. Ankafuna kufika m'nyumba 384, koma anafika m'nyumba 291 zokha, chifukwa namondwe wa Freddy anagwa mu Malichi 2023 ntchito yofunsa anthu ili pakati.

Choyamba, dziwani ngati kalatayo ikuloledwa

Musanalembe liwu ngakhale limodzi, tsegulani malamulo a maphunziro apamwamba a yunivesite yanu ndipo muwerenge ndime yokhudza oyesa. Mayunivesite ena amaletseratu supavaiza kulankhula ndi woyesa wakunja za thesisi vaiva isanachitike, ena amalola kuti apereke mawu kudzera kwa wapampando wa komiti, ndipo ena sanenapo kanthu. Pali chifukwa chapadera chowerengera malamulo amene akugwira ntchito lero, osati amene mukuwakumbukira. Mu 2021 makoleji amene anali pansi pa Yunivesite ya Malawi anapatukana, Poly inasanduka MUBAS, ndipo koleji ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS, kotero kuti yunivesite iliyonse tsopano ili ndi seneti yake ndi malamulo ake. Mphunzitsi amene anaphunzira ntchito m'masiku a yunivesite imodzi angachite zimene anazolowera osadziwa kuti pepala limene likumulamulira linasintha.

Malamulo akaletsa, nkhani yathera pomwepo, ndipo chimene mukanalemba m'kalata muuze wophunzirayo kuti akachinene yekha pa vaiva. Malamulo akakhala chete, musatenge kukhala chete kumeneko ngati chilolezo. Lemberani mkulu wa dipatimenti kapena wogwirizanitsa maphunziro apamwamba, mumuuze zimene mukufuna kutumiza ndi chifukwa chake, ndipo mudikire yankho lolembedwa. Yankho limenelo ndi limene lidzakutetezani inu ndi wophunzira wanu ngati wina adzadandaule kuti panali kunong'onezana.

Chachiwiri, sankhani nthawi ndi njira yotumizira

Nthawi yabwino ndi pamene woyesa wakunja watumiza kale lipoti lake loyamba ku ofesi ya maphunziro apamwamba, koma tsiku la vaiva lisanafike. Chifukwa chake n'chomveka. Yunivesite imaitana munthu wakunja kuti aone bukulo ndi maso amene sanalizolowere, paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mukamutumizira maganizo anu asanawerenge, mwabunthitsa kalumo kaja, chifukwa adzawerenga bukulo akufunafuna zimene inu mwanena, ndipo cholakwika chimene inu simunachione nayenso angachidumphe. Akakhala kuti walemba kale maganizo ake, kalata yanu singasinthe zimene anapeza, ingangothandiza kukonza mafunso.

Kalatayo ipite kudzera ku ofesi, osati pa lamya kapena pa uthenga wa pafoni, ngakhale woyesayo atakhala mnzanu amene munkakhala naye chipinda chimodzi ku Chirunga. M'dziko muno akatswiri a phunziro limodzi ndi ochepa ndipo amadziwana, kotero kuti woyesa wakunja nthawi zambiri ndi munthu amene mwakhala naye pamisonkhano, pamaliro ndi pamaukwati. Chibale chimenechi ndicho chifukwa chake zonse ziyenera kulembedwa. Kope la kalatayo lipite kwa woyesa wamkati ndi kwa wapampando wa vaiva tsiku lomwelo, kuti pasakhale woyesa amene akudziwa zambiri kuposa mnzake. Pafupifupi sabata imodzi vaiva isanachitike ndi nthawi yokwanira. Kalata yofika usiku woti mawa ndi vaiva imaoneka ngati kupempha chifundo.

Chachitatu, patulani zimene mukudziwa

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo masupavaiza ambiri amalakwitsa pano. Tengani pepala mulembe zonse zimene mukufuna kuuza woyesa, kenako muyese chilichonse ndi funso limodzi: kodi ichi chikuloza tsamba la m'bukumo, kapena chikunena za munthu amene analemba bukulo?

M'chitsanzo chathu, supavaiza angalembe kuti namondwe anadula ntchito yofunsa anthu pakati, kuti nyumba zinasankhidwa mozungulira makiyosiki a madzi, kuti mutu wachisanu ukunena zambiri kuposa zimene manambala akulola, kuti mayiyu anagwira ntchito mwakhama ngakhale anali ndi maliro kwawo, ndiponso kuti abwana ake kuntchito akudikira digiriyi kuti amukweze. Zitatu zoyambazo zikuloza masamba, ndipo woyesa angathe kutsegula bukulo n'kuona yekha ngati supavaiza akunena zoona. Ziwiri zomalizazo zikunena za munthu, ndipo ntchito yake ndi kufewetsa mtima wa woyesa basi. Zimenezo zichotseni. Ngati wophunzira ali ndi vuto lofuna kuti vaiva ikonzedwe mwapadera, monga kusamva bwino kapena chibwibwi, nkhani imeneyo imapita kwa wapampando mwachilolezo cha wophunzirayo, ndipo sikhala m'kalata ya mafunso.

Chotsaninso chiganizo chilichonse chimene chikupereka maliki mobisa. Mawu akuti "ntchito yabwino kwambiri imene ndayang'anirapo" ndi chigamulo, ndipo mawu akuti "ndinamuchenjeza koma sanandimvere" ndi chigamulonso, kungoti chikuteteza supavaiza. Ine ndinaonapo kalata ya mtundu wachiwiriwu, ndipo munthu akaiwerenga ankaona poyera kuti mwini wake akusamba m'manja wophunzira asanalowe n'komwe m'chipinda. Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati mungachite manyazi wophunzirayo atawerenga kalatayo vaiva itatha, ndiye kuti muli chinthu chosayenera kukhalamo.

Zikatsala mfundo zoloza masamba, sankhanipo zitatu kapena zinayi. Vaiva ya masitazi siitenga tsiku lonse, ndipo woyesa ali ndi mafunso ake amene ayenera kukhala patsogolo. Mndandanda wa mafunso khumi ndi asanu ndi njira yolanda vaiva m'manja mwa oyesa. Pa zitatu kapena zinayizo, pakhale imodzi yokhudza pamene bukulo lili lolimba koma wophunzira sanafotokoze mokwanira, ndipo zotsalazo zikhudze pamene lili lofooka. Kalata imene ikuloza zabwino zokhazokha woyesa wanzeru amaizindikira msanga, ndipo amayamba kufunafuna chimene chikubisidwa.

Chachinayi, werengerani nokha musanaloze

Musauze woyesa kuti afunse za kukula kwa sampulo inu musanadziwe kuti vutolo ndi lalikulu bwanji. Tiyeni tione nambala ya 384 ija. Imachokera ku fomula yodziwika bwino, n = z²p(1−p)/d², pamene n ndi chiwerengero cha nyumba zofunika, z ndi 1.96, p ndi 0.5, ndipo d ndi 0.05, kutanthauza kuti wofufuza akulola kuti yankho lake liphonye ndi maperesenti 5 kumtunda kapena kumunsi. Mayi wathu anapeza nyumba 291, ndipo mukabweza nambala imeneyi mu fomula yomweyo mupeza kuti kuphonyako kwakwera kufika pa maperesenti pafupifupi 5.7. Kusiyana kumeneku n'kochepa. Woyesa amene angathe mphindi khumi ndi zisanu akufunsa chifukwa chake sanafike pa 384 ndiye kuti wataya nthawi pa chinthu chooneka chachikulu koma chosavulaza.

Vuto lenileni lili pa momwe nyumbazo zinasankhidwira. Mayiyu sanatenge mndandanda wa nyumba zonse za ku Ndirande n'kuchita mayere. Anasankha makiyosiki 12 ogulitsira madzi, ndipo pa kiyosiki iliyonse anayenda m'nyumba pafupifupi 24 zoyandikana nayo. Mabanja amene amatunga pampopi umodzi amafanana m'zambiri, chifukwa madzi akasiya kutuluka amasowa onse tsiku limodzi, ndipo chitsime chimene amathawirako nthawi zambiri chimakhala chimodzi. Nyumba 24 zoterezi sizikuuzani zinthu 24 zosiyana. Akatswiri a manambala amayeza kuchepa kumeneku ndi fomula yakuti 1 + (m − 1)ρ, pamene m ndi chiwerengero cha nyumba pagulu lililonse, ndipo ρ ndi kufanana kwa nyumba za m'gulu limodzi. Tikayerekeza kuti ρ ndi 0.05, yankho ndi 2.15, kutanthauza kuti nyumba 291 zija zikulemera ngati nyumba 135 zosankhidwa mwa mayere. Kuphonya kuja tsopano kwafika pa maperesenti opitirira 8. Ngati wophunzira anawerengera manambala ake ngati kuti nyumba iliyonse ili payokha, ndiye kuti akuoneka wotsimikiza kuposa momwe ayenera kukhalira.

Supavaiza amene wachita masamu amenewa amadziwa choti alembe. Sadzalemba kuti sampulo inachepa, koma adzapempha kuti wophunzira afotokoze momwe anasankhira nyumba ndi chimene kusankha koteroko kumachita ku zotsatira zake. Masamuwo musawaike m'kalata. Woyesa amawadziwa, ndipo mukawaika mwamupatsa funso ndi yankho lomwe.

Mfundo ya namondwe nayo ndi yofunika kuiganizira musanailembe. Tinene kuti nyumba 180 zinafunsidwa namondwe asanagwe ndipo 111 zinafunsidwa atadutsa. Namondwe wa Freddy anawononga nyumba, zimbudzi ndi mapaipi m'madera angapo a Blantyre, ndipo anabwera dziko lili pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022. Banja lofunsidwa pambuyo pake lingakhale kuti linasintha potunga madzi, linalandira mankhwala othira m'madzi, kapena ana ake anadwala pa zifukwa zosakhudzana ndi ndowa imene ili m'nyumba. Kuchepa kwa nyumba si nkhani yaikulu pano. Nkhani ndi yakuti magulu awiriwa mwina sakufanana, ndipo wophunzira anawaphatikiza mutebulo limodzi. Funso loyenera ndi lakuti kodi anayesa kuwaona padera, ndipo ngati sanatero akuganiza kuti akanapeza chiyani.

Chachisanu, sandutsani mfundo iliyonse kukhala njira yofunsira

Mfundo iliyonse ikhale ndi zinthu zitatu m'ziganizo ziwiri kapena zitatu: tsamba kapena tebulo limene likukambidwa, chimene chili pamenepo, ndi chimene wophunzira angapemphedwe kufotokoza. Chimene sichiyenera kukhalapo ndi maganizo anu pa yankho lolondola.

Taonani kusiyana kwake pa mutu wachisanu. Mu tebulo lake, mayiyu anapeza kuti ana a m'nyumba zosunga madzi m'ndowa zosavundikira anali ndi mpata wochuluka wotsegula m'mimba, nambala yoyerekezera mpatawo ikuonetsa 1.8, koma malire ake akuchokera pa 0.9 kufika pa 3.6. Popeza malirewo akudutsa pa 1, manambalawa sakutsekereza kuti mwina palibe kusiyana konse. Kuwonjezera apo, anafunsa za ndowa ndi za matenda tsiku limodzi, kotero sangadziwe chimene chinayamba, chifukwa mayi amene mwana wake wadwala angayambe kuvundikira madzi dzulo lomweli. Komabe m'mutu wachisanu analemba kuti kusavundikira madzi kumayambitsa matendawa. Supavaiza wosasamala angalembe kuti, "Mutu wachisanu ndi wolakwika, ndipo muone ngati akudziwa zimenezi." Ameneyo wagamula kale. Wosamala amalemba kuti, "Zingathandize kumva wophunzira akufotokoza momwe akuchokera pa manambala a mu tebulo 4.6 kufika pa mawu a pa tsamba 71, ndiponso chimene kafukufuku wofunsa anthu kamodzi kokha angathe kunena pa zoyambitsa matenda." Woyesa adziwa pofunsa, wophunzira ali ndi mpata woonetsa kuti akumvetsa, ndipo palibe amene wauzidwa chochita.

Pali mfundo ina imene supavaiza wa kuno amaidziwa bwino kuposa woyesa wochokera kunja kwa dziko, ndipo ndi imene imapangitsa kalata yotere kukhala yaphindu. Mafunso a kafukufuku analembedwa m'Chingerezi, koma m'nyumba za ku Ndirande anafunsidwa m'Chichewa. Azaumoyo amati mwana watsegula m'mimba akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kupitirira apo pa maola 24. Mayi wa mwana akafunsidwa kuti, "Kodi mwanayu anatsegula m'mimba m'masabata awiri apitawa?" sawerenga ndi muyeso umenewo. Ena amayankha kuti ayi chifukwa amaona kuti kunali kumera mano chabe, osati matenda. Tinene kuti wophunzira wathu anazindikira zimenezi poyeserera mafunso ake, n'kuwonjezera funso lofunsa kuti mwanayo anachita kangati ndipo chinali chotani, koma m'bukumo anangolemba chiganizo chimodzi chakuti mafunso anamasuliridwa ndi kuyesedwa. Apa ndi pamene ntchito yake ili yolimba, ndipo woyesa wosadziwa Chichewa sangadziwe kuti pali chofunsa. Kumulozera pamenepa si kukondera, chifukwa wophunzira amene sanachite ntchitoyo yekha funso limeneli lingamugwetse.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani kalatayo

Kawirikawiri kalata yeniyeni idzakhala m'Chingerezi, popeza ndicho chiyankhulo cha ntchito ku yunivesite, koma kayalidwe kake ndi komweko. Isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba pakhale dzina la wophunzira, nambala yake yolembetsera, mutu wa thesisi ndi tsiku la vaiva, ndipo pansi pakhale maudindo a amene alandira kope. Nayi kalata ya chitsanzo chathu.

Olemekezeka a Pulofesa,

Ndikukulemberani ngati supavaiza wa wophunzira amene watchulidwa pamwambapa, mwachilolezo cha a mkulu wa dipatimenti, amene andidziwitsa kuti lipoti lanu loyamba lafika kale ku ofesi yawo. Lipotilo sindinalione, ndipo wophunzirayu sanaone kalata ino. Cholinga changa ndi kutchula malo anayi m'thesisiyi amene kukambirana pakamwa kungaunikire zimene bukuli silinafotokoze mokwanira. Muli ndi ufulu wonse wogwiritsa ntchito mfundozi, kuzisintha kapena kuzisiya.

Poyamba, gawo 3.4 likufotokoza kuti nyumba zinasankhidwa mozungulira makiyosiki 12. Wophunzira angapemphedwe kufotokoza njira imeneyi, ndiponso momwe ikukhudzira malire amene wapereka m'mutu wachinayi.

Kachiwiri, ntchito yofunsa anthu inaima mu Malichi 2023 chifukwa cha namondwe wa Freddy, kotero kuti nyumba 180 zinafunsidwa namondweyo asanagwe ndipo 111 atadutsa. Zimenezi zatchulidwa mwachidule pa tsamba 38. Zingathandize kumva maganizo ake pa kuphatikiza magulu awiriwa.

Kachitatu, mafunso anafunsidwa m'Chichewa, ndipo funso lokhudza kutsegula m'mimba linasinthidwa atayeserera. Wophunzira angafotokoze chimene anapeza poyeserera ndi chifukwa chake anasintha.

Pomaliza, angapemphedwe kulumikiza manambala a mu tebulo 4.6 ndi mawu a pa tsamba 71, poganizira mtundu wa kafukufuku amene anachita.

Ndikuyeneranso kukudziwitsani kuti ganizo losankha nyumba mozungulira makiyosiki linachokera kwa ine pamene tinkakonza pulopozo, ndipo kuwerengera manambala anachita wophunzirayu atalandira uphungu kwa katswiri wa manambala wa m'dipatimenti, monga zalembedwera m'mawu othokoza. Sindikupereka maganizo alionse pa zotsatira za mayesowa, popeza imeneyo ndi ntchito ya oyesa.

Ine wanu pantchito,
Supavaiza

Ndime yomaliza ija ndi imene masupavaiza ambiri amaisiya, koma ndi yofunika kwambiri. Vaiva imayesa ngati ntchitoyo ndi ya wophunzira ndiponso ngati akuimvetsa. Ngati chisankho china chinali chanu, woyesa ayenera kudziwa, kuti afunse ngati wophunzira akumvetsa zotsatira za chisankhocho, osati kumupanikiza kuti ateteze ganizo limene silinali lake pamene mwini wake wakhala phee kumbuyo. Onaninso kuti kalatayi yatchula poyera zinthu ziwiri zimene sizinachitike, kuti supavaiza sanaone lipoti ndiponso kuti wophunzira sanaone kalata. Musalembe ziganizo zimenezi ngati sizoona.

Chachisanu ndi chiwiri, samalani ndi wophunzirayo

Pano pali msampha umene umaoneka ngati kukoma mtima. Supavaiza watumiza mfundo zinayi kwa woyesa, kenako aitana wophunzira mu ofesi n'kumuyeserera mafunso anayi omwewo mpaka ataloweza mayankho. Kumeneko ndi kuulula mayeso. Kumazindikirika mosavuta, chifukwa wophunzira amayankha funso loyamba bwinobwino ngati akuwerenga, koma woyesa akangolitembenuza pang'ono, mwachitsanzo kufunsa kuti zikanakhala bwanji makiyosiki akanakhala 40 ndipo nyumba zisanu ndi ziwiri zokha pa kiyosiki iliyonse, amangoti kakasi. Woyesa akazindikira zimenezi amayamba kukayikira mayankho onse, ngakhale amene wophunzira amawadziwadi.

Njira yabwino ndi kuchita vaiva yoyeserera musanalembe kalatayo, ndipo ofunsa akhale aphunzitsi ena a m'dipatimenti amene awerenga bukulo paokha. Mukatumiza kalata, muuze wophunzirayo kuti mwatumiza, ngati malamulo akulola, koma osamuuza za m'katimo. Mungamuuze kuti, "Mayi, ndalembera oyesa kudzera ku ofesi kutchula malo angapo oti mukambirane, ndipo mulibe mawu okuyamikirani kapena okunenezani. Mukonzekere buku lonse." Mawu amenewa amachotsa mantha akuti akuluakulu akunong'onezana za iye, ndipo samupatsa mwayi umene wophunzira wa supavaiza wina alibe.

Ganiziraninso za mnzake wa m'kalasi amene supavaiza wake salemba makalata. Ngati dipatimenti ikulola mwambo umenewu, ndi bwino kupempha kuti ukhale wa onse, pa fomu imodzi, kusiyana ndi kuti uzidalira khama kapena chibale cha supavaiza.

Zimene kalatayi singachite

Kalata ya mafunso si malo oululira kukayikira kuti wophunzira anakopera ntchito ya ena, anapeka manambala, kapena anayamba kufunsa anthu asanalandire chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga COMREC. Nkhani zoterezi zili ndi njira yake, ndipo ziyenera kupita kwa mkulu wa dipatimenti vaiva isanakonzedwe. Supavaiza amene amalemba kuti, "Mumufunse bwino za kumene anatenga mutu wachiwiri," akuponya mlandu kwa mlendo amene alibe mphamvu yofufuza, ndipo wophunzira akuimbidwa mlandu osauzidwa.

Kalatayi singakonzenso buku limene silinapse. Ngati powerengera mwapeza kuti mfundo zofooka ndi zisanu ndi zitatu ndipo iliyonse ndi yaikulu, vuto si la mafunso, koma lakuti munasayina fomu yolola kuti thesisi iperekedwe nthawi isanakwane. M'chitsanzo chathu, mawu a pa tsamba 71 anayenera kukonzedwa bukulo lisanapite, ndipo chifukwa chokha chomveka chowapezera m'kalata ndi chakuti wophunzira anamva uphungu wanu n'kusankha kusunga maganizo ake, zimene ali nazo ufulu.

Mukatumiza, musayembekezere yankho loposa lakuti kalata yafika, ndipo musaimbe foni kufunsa ngati mfundo zanu zalandiridwa. Woyesa akakuyankhani ndi funso lokhudza bukulo, yankho lanu lidutsenso ku ofesi ndipo kope lipite kwa woyesa wamkati. Akayamba kukuuzani maganizo ake pa zotsatira, mudule nkhaniyo mwaulemu ndipo mudziwitse wapampando. Pa tsiku la vaiva, ngati malamulo akukulolani kukhala m'chipindamo, khalani pamene wophunzira sangaone nkhope yanu, mulankhule pokhapokha wapampando akakufunsani, ndipo mulembe funso lililonse limene lafunsidwa, chifukwa pepala limenelo ndi limene mudzagwiritse ntchito pothandiza wophunzira kukonza bukulo. Zimachitika kuti pa mfundo zinayi zija woyesa amafunsapo imodzi yokha, n'kuthera nthawi yotsala pa tebulo limene inu simunaliganizire. Zikatero musakweze dzanja kukumbutsa za zitatu zotsalazo. Ngati mwa izo muli yofunika kukonzedwa, monga mawu a pa tsamba 71 aja, mudzaikambe ndi wophunzirayo pamene akukonza zimene oyesa alamula, bukulo lisanapite kukamangidwa.